Felemu ya nsanjika 12 yomwe yadutsa malire a mphepo koma P-Δ yaigwira

Nkhokwe yopanda kanthu ikatsamira pang'ono palibe amene amadandaula. Ikadzaza chimanga, kutsamira komweko kumayamba kukula kokha, chifukwa kulemera kwa chimangacho sikukutsikanso molunjika pamiyendo: kwasunthira pambali, ndipo kukukokera nkhokweyo komwe yatsamira kale. Nyumba yosanja imachitanso zomwezo. Mphepo ikaikankha, denga la nsanjika limasuntha mtunda Δ poyerekeza ndi pansi pake, ndipo katundu yense P wa pamwamba amapsinja mizati yomwe yapendama. P kuchulukitsa ndi Δ ndi momenti yatsopano, mphamvu yopinda mizati, yomwe chiwerengero wamba sichiiona chifukwa chimayesa nyumbayo ngati idakali chilili. Mainjiniya amaitchula P-Δ.

Momenti imeneyi ilipo m'nyumba iliyonse, ndiye funso lenileni ndi kukula kwake, komanso ngati tingaisiye osalakwa. Lipotili likutsata nyumba imodzi yachitsanzo, ndi manambala osankhidwa kuti aliyense athe kuwabwereza pa kakyuleta, motsatira EN 1993-1-1 ya 2005, malamulo a ku Ulaya owerengera nyumba za zitsulo.

Nyumbayo

Ndi nyumba ya maofesi, felemu ya zitsulo, nsanjika 12. Nsanjika ya pansi ndi yotalika mamita 4.5 chifukwa cha malo olandirira alendo, zinazo mamita 3.5, ndiye kutalika konse ndi mamita 43. Pansi pake ndi mamita 24 m'litali ndi 18 m'lifupi, mizati yatalikirana mamita 6 mbali zonse. Mulibe zitsulo zopingasa kapena makoma a konkire ogwira mphepo. Zonse zikudalira mfundo zolimba pomwe mitanda ikumana ndi mizati. Tikuyang'ana mphepo yowomba khoma la mamita 24, yomwe ikugwiridwa ndi mafelemu asanu, iliyonse ya mizati inayi.

Katundu wokhazikika, kuphatikizapo silabu, zitsulo ndi makoma akunja, ndi 5.0 kN/m², ndipo wa anthu ndi mipando ndi 3.0 kN/m². Denga talitenga ngati nsanjika inanso, kuti masamu asachuluke. Mphepo ndi 1.0 kN/m², zomwe zikupereka 978 kN pa nsanjika ya pansi, titachotsa theka la khoma la pansilo lomwe mphepo yake ikupita kumaziko mwachindunji.

Pulogalamu ya pakompyuta ikaiwerengera felemuyi mwa njira wamba, nsanjika ya pansi ikusuntha milimita imodzi pa 90 kN iliyonse. Nambala imeneyi, kuuma kwa nsanjika, ndiyo ibwerebwere mu lipoti lonseli. Mphepo ya 978 kN ikuisuntha mamilimita 10.9, pamene malire omwe ambiri amagwiritsa ntchito, kutalika kwa nsanjika kugawa ndi 300, ndi mamilimita 15. Yadutsa bwino. Apa ndi pomwe ambiri amatsekera fayilo n'kunena kuti felemu ndi youma mokwanira. Koma malire a mamilimita 15 aja amateteza magalasi ndi makoma kuti asang'ambike. Sanena kanthu za kulemera komwe kwakhala pamwamba pa mizati yopendamayo.

Kupeza αcr

Muyeso womwe EN 1993-1-1 imagwiritsa ntchito pa ndime 5.2.1 ndi αcr. Tanthauzo lake ndi losavuta: katundu wotsika angachulukitsidwe kangati felemu yonse isanagwere chammbali yokha, popanda mphepo. Ikakhala 10 kapena kupitirira, P-Δ ingasiyidwe pa chiwerengero chomwe chitsulo sichinafike popindikiratu. Pa chiwerengero cha pulasitiki, chomwe chimalola chitsulo kupindikiratu m'malo ena, malire ndi 15, chifukwa mfundo zikayamba kugonja felemu imafewa. Pa felemu yolongosoka ngati iyi, αcr ingapezeke nsanjika ndi nsanjika mwa njira ya Horne:

```
αcr = (H / V) × (h / δ)
```

H ndi mphamvu yonse yokankha chammbali pa nsanjikayo, V ndi katundu yense wotsika womwe nsanjikayo yasenza, h ndi kutalika kwake, δ ndi kusuntha kwa pamwamba pake poyerekeza ndi pansi pake chifukwa cha H.

Tisanaike manambala, H ikufunika chowonjezera. Palibe mzati womwe umaimikidwa molunjika ndendende, choncho malamulo amati tiyese nyumba yonse ngati yapendama kale pang'ono. Poyambira ndi 1/200. Pa nyumba yotalika chonchi timachulukitsa ndi 2/3, ndipo pa mzere wa mizati inayi ndi 0.79, chifukwa mizati yonse singapendamire mbali imodzi mofanana. Zikupereka pafupifupi 1/380. Kupendama kumeneku timakusandutsa mphamvu yokankha chammbali, V kugawa ndi 380. Kungasiyidwe pokhapokha H ikafika 15 peresenti ya V, ndipo pano ili pafupi ndi 3 peresenti.

Tiyambe ndi kaphatikizidwe ka katundu komwe mphepo ikutsogolera, pochulukitsa ndi 1.35 pa wokhazikika, 1.5 pa mphepo, 1.05 pa wa anthu. V pa nsanjika ya pansi ndi 51,322 kN. Mphepo ndi 1,467 kN, ya kupendama ndi 135 kN, pamodzi 1,602 kN, ndipo δ ndi mamilimita 17.8.

```
αcr = (1602 / 51322) × (4500 / 17.8) = 7.9
```

Tsopano komwe katundu wa anthu akutsogolera: 1.35 pa wokhazikika, 1.5 pa wa anthu ndi 0.9 pa mphepo. V yakwera kufika 58,320 kN. H yatsika kufika 1,034 kN ndipo δ ndi mamilimita 11.5. αcr ndi 6.9.

Taonani chomwe chachitika. Mphepo yachepa, kusuntha kwachepa, koma αcr yaipa. Chifukwa chake chikuonekera tikazindikira kuti H kugawa ndi δ ndi kuuma kwa nsanjika, k, komwe sikusintha kaya mphepo ikule kaya ichepe:

```
αcr = k × h / V
```

Mphepo mulibemo. Nyumba yomangidwa m'chigwa mopanda mphepo ili ndi αcr yofanana ndi mnzake ya pamtunda ngati felemu ndi katundu wake n'zofanana, ndipo kawirikawiri ya m'chigwayo ndiyo ili pangozi, chifukwa injiniya sanakakamizidwe kuiumitsa. Zikutanthauzanso kuti αcr si nambala imodzi ya nyumba yonse yoti ilembedwe kamodzi patsamba loyamba. Kaphatikizidwe kalikonse ka katundu kali ndi yake.

Nsanjika zina sizichedwetsa. Pa katundu wolemera uja, yachiwiri ili ndi kuuma 130 kN/mm ndi V ya 53,460 kN, ndiye αcr ndi 8.5. Yachisanu ndi chimodzi, 110 kN/mm ndi 34,020 kN, ikupereka 11.3. Yapamwamba ili pa 40 ndi kupitirira. Yochepetsetsa ndiyo timaitenga ngati ya felemu yonse. Pano ndi ya pansi chifukwa cha mamita 4.5 aja, koma si lamulo: mizati ikamangidwa zolimba pamaziko ndipo nsanjika zonse ndi zofanana, yofooka imakonda kukhala yachiwiri kapena yachitatu. Ndi bwino kuziwerengera zonse.

Kodi 7.9 ikuwonjezera zingati?

Ndi bwino kuchita izi pamanja kamodzi kuti nambala yochulukitsira isaoneke ngati matsenga. Nsanjika yasuntha mamilimita 17.8 itasenza 51,322 kN. Momenti ya P-Δ tikaigawa ndi kutalika kwa nsanjika, ikufanana ndi mphamvu yowonjezera yokankha chammbali: 51,322 kuchulukitsa ndi 17.8, kugawa ndi 4,500, ndi 203 kN. Imeneyi ikusuntha nsanjika mamilimita ena 2.3, omwe akubala 26 kN, yomwe ikusunthanso mamilimita 0.3, omwe akubala 3 kN. Apa zatha mphamvu. Zonse pamodzi ndi 1,834 kN m'malo mwa 1,602, ndipo kusuntha kwafika mamilimita 20.4.

Ulendo uliwonse ndi gawo limodzi mwa magawo 7.9 a ulendo wam'mbuyo, choncho mzere wonsewo ungalembedwe mwachidule:

```
1 / (1 − 1/αcr) = 1 / (1 − 1/7.9) = 1.145
```

Pa 6.9 ndi 1.17. Pa 10 penipeni ndi 1.11, ndipo apa pali mfundo yomwe imaiwalika: lamulo likamati P-Δ ingasiyidwe, silikunena kuti kulibe. Likuvomera kulakwitsa kofika pafupifupi 11 peresenti pa mphamvu zochokera ku kupendama, podalira kuti malo ena m'chiwerengero ali ndi mpata. Palibe chomwe chimasintha m'chitsulo pakati pa 9.8 ndi 10.2. Ngati αcr yatuluka 10.3 ndipo mizati yadzaza kufika 98 peresenti ya mphamvu yake, injiniya wosamala amachulukitsabe.

Njira yochulukitsayi imaloledwa αcr ikakhala 3 kapena kupitirira, komanso nsanjika zikhale zofanana m'kagawidwe ka katundu ndi kuuma. Pansi pa 3 pafunika chiwerengero chonse cha P-Δ pakompyuta, ngakhale kunena zoona, felemu ya nyumba yosanja yomwe yatsika chotero ikufunika kukonzedwanso, osati kuwerengeredwa mwaluso.

Chomwe chimachulukitsidwa ndi mbali yochokera ku kupendama yokha. Mzati wam'kati pa nsanjika ya pansi ukutenga gawo limodzi mwa atatu la 320 kN ya felemu yake, yomwe ndi 1,602 kN kugawa mafelemu asanu, ndiye 107 kN. Malo omwe momenti imatembenukira ali pafupifupi mamita 2.7 kuchokera pansi, choncho momenti patsinde ndi 288 kNm, ndipo ikachulukitsidwa ndi 330 kNm. Pa mapeto a mtanda wa nsanjika yoyamba pali 175 kNm ya kulemera kwa silabu ndi 185 kNm ya mphepo. Yankho ndi 175 kuphatikiza 212, ndiye 387 kNm. Wosiya P-Δ apeza 360. Wochulukitsa zonse apeza 412 n'kugula chitsulo chosafunika. Njira yosasokoneza ndi kuchulukitsa katundu wokankha chammbali, mphepo ndi wa kupendama, ndi 1.145, kenako kuyendetsanso chiwerengero wamba. Potero mfundo, mabawuti a patsinde ndi maziko zonse zimalandira manambala olondola. Maziko ndi amene amaiwalika kwambiri, makamaka akamawerengera munthu wina yemwe anatumiziridwa manambala oyamba aja.

Pomwe αcr imanama

Fomula ya αcr = k × h / V ili ndi zinthu zitatu, ndipo h yokha ndiyo sikayikitsa. Zolakwika zonse zili mu V ndi k.

Cholakwika chachikulu pa V chimachitika pamene mafelemu ena okha ndiwo akugwira mphepo. Tiyerekeze kuti kuuma konse kwa 90 kN/mm kwaikidwa m'mafelemu awiri a kumapeto, ndipo mizati yapakati ili ndi mfundo zosalimba, ikungosenza kulemera. Injiniya akajambula felemu imodzi ya kumapeto payokha, amaipatsa katundu wa silabu yomwe yatsamira pa iyo, mamita 3 mwa 24. Mafelemu awiriwo akuoneka ngati asenza kotala chabe ya kulemera kwa nyumba, ndipo αcr ikutuluka pafupifupi 28. Zabwino kwambiri, koma zabodza. Silabu imamanga mizati yonse pamodzi. Nyumba ikapendama, mizati yapakati imapendama nayo ndi katundu wake, ndipo poti yokha singadziimitse, imayedzamira mafelemu a kumapeto. V ndi katundu yense wa nsanjikayo, ndipo αcr idakali 6.9. Pojambula felemu imodzi payokha, pafunika kuikapo mzati wongoyerekeza, wokhala ndi mahinji pamwamba ndi pansi, wosenza katundu wa mizati yapakatiyo.

Pa k, malo oyamba kukayikira ndi patsinde. Kuuma kwa 90 kN/mm kwachokera pa kuuza kompyuta kuti mizati yagwidwa zolimba pamaziko, siizungulira n'komwe. Pamalo omangira, chimene chilipo ndi puleti yachitsulo, mabawuti omwe amatamuka, simenti yothira pansi pa puleti, ndi dothi lomwe limabonyeka. Zonsezi zikatsitsa kuuma kufika 60 kN/mm, zomwe n'zotheka pa puleti yopyapyala ya mabawuti anayi oyandikana, αcr ikugwa kufika 4.6 pa katundu wolemera, ndipo nambala yochulukitsira ndi 1.28. Tsinde lolimba ndi lonjezo lomwe chojambula cha puleti ndi maziko chiyenera kukwaniritsa. Njira yachangu yodziwira ngati nkhaniyi ndi yaikulu ndi kuyendetsa chiwerengero kawiri, kamodzi ndi tsinde lolimba, kenako ndi sipuling'i yozungulira, n'kuona αcr yasuntha motani. N'chimodzimodzi ndi mfundo za mitanda: puleti ya kumapeto ikapyapyala, kapena pakati pa mzati pomwe mitanda ikumana pakapanda zolimbitsa, felemu imafewa kuposa momwe mizere ya pakompyuta ikusonyezera.

Felemu ikanakhala ya konkire, vuto likanakhala ming'alu. Konkire yong'ambika ndi yofewa kwambiri kuposa yathunthu, n'chifukwa chake ACI 318, malamulo a ku America a konkire, imati mitanda iwerengeredwe pa 0.35 ya kuuma kwake ndipo mizati pa 0.70. Wogwiritsa ntchito kuuma kwathunthu angapeze αcr yowirikiza pafupifupi kawiri. Nanga makoma a njerwa odzaza pakati pa mizati? Amaumitsadi nyumba, koma mwini nyumba angawagumule chaka chamawa kuti atsegule shopu, ndipo amagumula a pansi, pomwe αcr ndi yochepa kale. Osawadalira.

Kompyuta nayo ili ndi misampha yake. Chiwerengero cha kupindika kwa felemu chimapereka αcr mwachindunji, koma nambala yoyamba pamndandanda ingakhale ya kachitsulo kamodzi kowonda komwe kakupindika kokha, felemu ili chiimire. Pafunika kuyang'ana chithunzi cha mapindikidwewo n'kusankha omwe nsanjika zikusuntha chammbali. Chithunzi chomwecho chimaonetsanso chomwe njira ya Horne singaone: nyumba yomwe zoumitsa zake zaunjikana pakati, kuzungulira chikepe, ingayambe kupotoka isanapendame. Chinanso, P-Δ ikayatsidwa, zotsatira za katundu wosiyanasiyana siziphatikizidwanso pambuyo. Mphepo ikayendetsedwa payokha, popanda kulemera, P ndi ziro ndipo pulogalamu sipeza chowonjezera chilichonse, ngakhale bokosi la P-Δ lachongedwa. Chizindikiro chake n'chosavuta: kusuntha ndi P-Δ kugawa ndi kusuntha popanda P-Δ kuyenera kuyandikira 1.145 yomwe tapeza pamanja. Ikatuluka 1.00, kompyuta sinachite zomwe mukuganiza.

Komanso αcr yoposa 10 sichotsa udindo woyesa mzati uliwonse pawokha. Kupindika kwa mzati pakati pa nsanjika ziwiri ndi nkhani ina, ndipo imayesedwabe nthawi zonse. Chomwe chimasintha n'chakuti kupendama kukawerengeredwa monga tachitiramu, kutalika kopindikira kwa mzati kungatengedwe kukhala kutalika kwa nsanjika.

Chivomezi chimasintha yankho

Kwa omanga m'chigwa chachikulu momwe muli Nyanja ya Malawi, komwe zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zinachitikira, pali muyeso wachiwiri. EN 1998-1 ya 2004, malamulo a ku Ulaya a zivomezi, imagwiritsa ntchito θ, yomwe ndi αcr yotembenuzidwa: pansi pa 0.10 P-Δ isiyidwe, kufika 0.20 chulukitsani ndi 1/(1 − θ), ndipo isapitirire 0.30. Katundu wotsika ndi wochepa, wokhazikika ndi 30 peresenti ya wa anthu, ndiye 30,586 kN pa nyumba yathu. Wina angayembekeze kuti zipepuka. Koma kusuntha komwe kumalowa mu θ ndi kwa felemu yomwe yagonja kale, ndiko kuti kusuntha kwa chiwerengero wamba kuchulukitsa ndi q, nambala yomwe tinachepetsera mphamvu ya chivomezi podalira kuti chitsulo chipindika osathyoka.

```
θ = P × q / (k × h) = 0.0755 × q
```

Pa q ya 1.5, θ ndi 0.11. Pa q ya 4, yomwe imakopa chifukwa imachepetsa mphamvu za chivomezi, θ ndi 0.30, pamalire penipeni ndi kupyola pang'ono. Felemu yomwe pa mphepo ikungofuna kuwonjezera 15 peresenti, pa chivomezi ikukanidwa. Pa mafelemu a zitsulo opanda zopingasa, kawirikawiri θ ndiyo imasankha kukula kwa mizati ndi mitanda, osati mphamvu yake.

Chigamulo pa nyumbayi

P-Δ singasiyidwe pano. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuumitsa felemu mpaka αcr ifike 10, zomwe zikufuna 130 kN/mm pa nsanjika ya pansi m'malo mwa 90, ndi kuwonjezeranso pa yachiwiri ndi zina zoyandikira. Kupeza 44 peresenti imeneyi pokulitsa zitsulo ndi kodula, ndipo phindu lake ndi kungothawa kuchulukitsa kumodzi. Ngati kuumitsa kukufunikadi, pa felemu yotere ndalama zimagwira ntchito kwambiri pa kuzamitsa mitanda kusiyana ndi kunenepetsa mizati, chifukwa gawo lalikulu la kusuntha limachokera ku kuzungulira kwa mfundo.

Komwe chivomezi si nkhani, njira yachiwiri ndiyo yoyenera: kusiya zitsulo momwe zilili, kuchulukitsa katundu wokankha chammbali ndi 1.145 ndi 1.17 malinga ndi kaphatikizidwe, kutsimikiza kuti puleti ndi maziko zikupereka tsinde lolimba lomwe tawerengera, ndi kutumiza manambala atsopanowo kwa wojambula mfundo ndi wa maziko. Komwe chivomezi chilipo, θ ya 0.30 ikuloza ku makoma a konkire ozungulira chikepe ndi masitepe kapena zitsulo zopingasa. Zikatero mizati yonse 20 ikhala yoyedzamira makomawo, V ikhalabe ya nsanjika yonse, ndipo chiwerengero chiyambirenso, ulendo uno kuzungulira kwa maziko a makomawo kuli m'kati.